Wakifu: Chuma Chosagulitsidwa Chimene Chinasamala Mizikiti, Sukulu ndi Zipatala

Munthu woyenda m'boma la Mangochi, kuyambira kwa Mponda kufikira kwa Makanjira, amaona mizikiti ndi madirasa m'midzi yambiri. Chisilamu chinakhazikika kumeneko m'zaka za m'ma 1870 ndi 1880, pamene mafumu a Chiyao anachilandira. Koma mudzi uliwonse umadziwa kuti kumanga mzikiti ndi ntchito ya chaka chimodzi, pamene kukonza denga ndi kudyetsa mwalimu ndi ntchito yosatha. Asilamu akale anathetsa vutoli ndi njira yotchedwa wakifu.

Mawuwa ndi a Chiarabu, ndipo tanthauzo lake ndi kuimitsa. Munthu amapatula munda, sitolo kapena nyumba, naichotsa m'manja mwake mpaka muyaya. Chumacho sichigulitsidwa, sichipatsidwa kwa wina, ndipo ana sachilowa. Chimene chimagwira ntchito ndi phindu lake lokha, monga zokolola ndi ndalama za lendi. Mbiri ya Chisilamu imati Umari, mnzake wa Mtumiki Muhamadi, atapeza munda ku Khaibara, analangizidwa kusunga mundawo ndi kupereka zipatso zake kwa osowa.

Chitsanzo chomveka chili mumzinda wa Kairo, ku Igupto. M'zaka za 1284 ndi 1285, Sulutani Kalawuni anamanga chipatala ndi madirasa pamalo amodzi. Pozindikira kuti mfumu yodza pambuyo pake ingathe kuzinyalanyaza, iye anapatula masitolo ndi nyumba zina kuti lendi yake iziyendetsa ntchitoyo. Kalata ya wakifu, yochitiridwa umboni pamaso pa oweruza, inafotokoza za madokotala, mankhwala ndi chakudya cha odwala, ndipo olemera ndi osauka omwe ankachiritsidwa kwaulere. Kalawuni anamwalira mu 1290, koma chipatalacho chinathandiza anthu kwa zaka mazana angapo.

Mphamvu ya wakifu ndi kufooka kwake zimagona pa munthu mmodzi, woyang'anira wotchedwa naziri. Iye amatolera lendi, ndipo akatswiri a malamulo anaika kuti ayambe wakonza nyumba zobweretsa ndalamazo asanalipire antchito, pakuti sitolo ikagwa malipiro onse amatha. Naziri wosakhulupirika amadziwika msanga: amabwereketsa masitolo kwa abale ake pa mtengo wotsika, denga likudontha, ndipo amazemba kuonetsa mabuku kwa woweruza. Maboma nawonso anasirira chumachi. Mu 1952 dziko la Igupto linathetsa wakifu wopindulira banja la wopereka.

Choncho mudzi wa m'mbali mwa nyanja wofuna kuti madirasa ake akhalitse uyenera kufunsa mafunso atatu. Kodi munda kapena sitolo yodyetsa mwalimu ndi iti? Kodi zinalembedwa pamaso pa mboni, kuti achibale asadzailande mwini atamwalira? Nanga woyang'anira adzawerengera ndalamazo pamaso pa yani?