Yankho loloweza pamtima: mmene mungalikonzere kuti limveke ngati mukucheza

Anthu ofunsa mafunso pa intaviyu sachedwa kuzindikira munthu amene waloweza yankho. Maso ake amathawira kudenga, mawu amathamanga popanda kukwera kapena kutsika, ndipo akaiwala liwu limodzi amabwerera poyambira, ngati mwana amene akulakatula vesi kutchalitchi. Kukonzekerako n'kwabwino. Vuto ndi lakuti yankholo linalembedwa m'chilankhulo cha papepala, chomwe sichifanana ndi cha pakamwa.

Tiyerekeze kuti mtsikana akufuna ntchito yosunga katundu, ndipo wafunsidwa kuti afotokoze za iye mwini. Zomwe analoweza ndi izi: "Ine ndine munthu wolimbikira ntchito, wokhulupirika komanso wodzipereka, amene ndili ndi luso lochuluka pa kasungidwe ka katundu, lomwe ndinalipeza pa zaka zitatu zimene ndinagwira ntchito m'sitolo ya zipangizo zaulimi, kumene ndinkaonetsetsa kuti zonse zikuyenda mwadongosolo."

Yesani kunena chiganizo chimenechi mokweza. Mpweya uthera panjira. Mawu olumikizira monga "amene", "lomwe", "zimene" ndi "kumene" amamangirira mfundo iliyonse ku inzake, choncho imodzi ikaduka, zonse zimagwa. Komanso mawu akuti wolimbikira, wokhulupirika ndi wodzipereka sauza ofunsawo kanthu, poti aliyense wolowa m'chipindamo amadzitchula choncho.

Pokonza, yambani ndi kuika pepalalo pambali. Pemphani mnzanu akufunseni funsolo, inu mumuyankhe mmene mumayankhulira masiku onse, kwinaku foni ikujambula mawu. Mukamvetsera, lembani zomwe mwanenazo. Mudzapeza kuti ziganizo zake n'zazifupi ndipo chilichonse chanyamula mfundo imodzi. Pomwe mwapumira mpweya, ikanipo mpumiro. Liwu lililonse lomwe simungalinene pocheza ndi munthu wamkulu amene mumamulemekeza, lichotseni.

Kenako mawu odzitamandira aja muwasinthe ndi chinthu chimodzi chomwe munachitadi. Nkhani imene inakuchitikirani siifuna kuloweza, chifukwa mumaiona m'maganizo mukamaifotokoza. Yankho la mtsikana uja litha kukhala lotere: "Ndagwira ntchito zaka zitatu m'sitolo ya zipangizo zaulimi. Ndinkalandira katundu n'kumamulemba m'buku. Nditangoyamba, matumba a feteleza ankaperewera mwezi ukamatha. Ndiye ndinayamba kuwawerenga madzulo aliwonse tisanatseke, ndipo vutolo linatha. Ndamva kuti kuno katundu amalowa wambiri mvula ikayandikira. Kuwerenga ndi kulemba katundu ndiye ntchito yomwe ndimaidziwa bwino."

Sananene kuti ndi wokhulupirika, koma womvera wadzionera yekha. Taonaninso kuti mawu ngati "ndiye" alowa m'malo mwa "lomwe" ndi "kumene". Amenewa ndi mawu a pakamwa, ndipo amapatsa woyankhula mpata wopuma.

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa: amayamba kuloweza yankho latsopanoli liwu ndi liwu, n'kubwereranso m'vuto lomwe lija. Choyenera kusunga m'mutu ndi mitu itatu yokha. Kwa mtsikanayu mituyo ndi zaka zitatu m'sitolo, matumba a feteleza, ndi ntchito yomwe akuifunayo. Anene yankholo kangapo, ulendo uliwonse ndi mawu osiyanako. Zoyenera kuloweza ndendende ndi manambala, zaka, dzina la kampani ndi la udindo womwe akufunsira, popeza kuphonya zimenezi kumaonetsa kusakonzeka.

Pali njira yodziwira ngati mwakonzekadi. Mnzanu uja asinthe funsolo, mwachitsanzo afunse kuti, "Tikutengereni chiyani inuyo osati ena?" Akuduleninso pakati n'kufunsa kuti matumbawo ankaperewera angati. Mukayankha n'kupitiriza pomwe munalekezera, ndiye kuti nkhaniyo mwaigwira. Mukasokonezeka n'kufuna kuyambiranso, mukadali pa kulakatula. Yang'ananinso nthawi: yankho lotere lisapitirire mphindi ziwiri.

Maintaviyu ambiri m'Malawi muno amachitika m'Chingelezi, ndipo m'pomveka kuti munthu amaloweza poopa kuphonya galamala. Komabe njira yake ndi yomweyi. Fotokozani kaye nkhaniyo m'Chichewa kuti mfundo zikhazikike, kenako muinene m'Chingelezi chosavuta chimene mumachiyankhula kale, osati chotola m'dikishonale. Chiganizo chachifupi chimachepetsanso malo olakwitsa.

Kumasuka sikutanthauza kutaya ulemu. Chiyankhulo cha pa bawo chitsale kunja, ndipo musachite kupanga chibwibwi kapena kuseka kuti muoneke ngati simunakonzekere. Funso likafunsidwa, khalani kaye chete pang'ono, yang'anani amene wafunsayo, ndipo muyankhe funso lomwe mwalimva, osati lomwe munaliyembekezera. Ngati muli ndi intaviyu posachedwa, tengani yankho lanu lero, mulinene mokweza, ndipo paliponse pomwe mpweya wakutherani, dulanipo chiganizocho.