Ndalama Yomweyo, Mayunitsi Ochepa: Mita Yaba Kodi?

Munthu amagula magetsi a K10,000 mwezi ukangoyamba, n'kupeza mayunitsi ochulukirako. Pakati pa mwezi akagulanso a K10,000 yomweyo, mayunitsi amabwera operewera, ndiye m'nyumba mumayamba kudandaula kuti mita ikuba. Mita ilibe mlandu, chifukwa sidziwa n'komwe mtengo wa magetsi.

Mukalipira pa Airtel Money, pa Mpamba kapena kwa ejenti, masamu onse amachitika pa kompyuta ya ESCOM. Imayamba yachotsa msonkho ngati ulipo, komanso ngongole ngati mita yanu ili nayo. Yotsalayo ndiyo imasanduka mayunitsi. Manambala 20 a tokeni aja amanyamula mayunitsiwo basi, ndipo amagwira pa mita yokhayo yomwe nambala yake munalemba pogula. Yunitsi imodzi ndi magetsi amene ayironi ya mawati 1,000 imadya ikayaka ola lathunthu.

Nkhani yagona pa magawo a mitengo, amene bungwe la MERA limavomereza. Pa magetsi a pakhomo wamba, mayunitsi 50 oyamba pa mwezi ndi otsika mtengo, cholinga chake n'chakuti banja losauka lithe kuyatsa mababu ndi wailesi. Mukapyola pamenepo, yunitsi iliyonse imakwera.

Mitengo imasinthasintha, choncho tingoyerekeza kuti gawo loyamba ndi K70 pa yunitsi, lachiwiri K110, msonkho tauika pambali. Pa K10,000 yoyamba, K3,500 ikugulirani mayunitsi 50 otchipa aja. K6,500 yotsalayo igwera pa K110, n'kubala mayunitsi 59. Onse pamodzi 109. Mukabweranso mwezi usanathe, kompyuta ikukumbukira kuti otchipa munatenga kale, ndiye K10,000 yonse ipita pa K110, mupeze mayunitsi 91 okha. Mayunitsi 18 asowa popanda wakuberani.

Ena amati kugula pang'onopang'ono kumapulumutsa. Ayi ndithu. K20,000 yolipira kamodzi ikupatsani 50 kuphatikiza 150, omwe ndi 200, chimodzimodzi 109 ndi 91 aja. Kompyuta imawerenga zonse zimene mitayo yagula mwezi umenewo, kaya mwagula kamodzi kaya kakhumi.

Amene amaluza kwenikweni ndi wogula magetsi a miyezi itatu tsiku limodzi, poti amalandira gawo lotchipa kamodzi m'malo mwa katatu. Enanso ndi alendi a nyumba zingapo ogawana mita imodzi: mabanja anayi amalimbirana mayunitsi 50 omwewo, ndipo woyamba kugula ndiye amawadya yekha. Mikangano ina ya pa poloti imayambira pomwepa.

Magetsi akamatha mwezi uli kumapeto, gulani ongokufikitsani pa 1, otsalawo mudzagule mwezi watsopano utalowa. Mayunitsi akaperewera kuposa mmene masamuwa akusonyezera, yang'anani pa lisiti ngati sanakuduleni ngongole, ndipo mukafunse ku ofesi ya ESCOM mutatenga nambala ya mita.