Madzi sakankhira pansi pokha

Ambiri mwa ife tikamanga thanki yosungiramo madzi a mvula, kapena tikaunjika dothi kuti titseke kamtsinje ka kudimba, timasamala kwambiri za pansi. Timati madzi ndi olemera, ndipo cholemera chilichonse chimatsamira pansi. Koma kawirikawiri thanki ikamaonongeka imayambira m'chipupa, chakumunsi, ndipo madzi amatumphuka cham'mbali. Nalo bwato likabooka pansi, madzi amalowa chokwera m'mwamba. Kodi madziwo mphamvu yopita m'mbali ndi m'mwamba amaitenga kuti?

Yankho lake ndi ili: pa malo amodzi alionse m'kati mwa madzi odekha, madzi amakankha mofanana kumbali zonse, pansi, m'mwamba, kumanja ndi kumanzere. Lamuloli limadziwika ndi dzina la Blaise Pascal wa ku Falansa, amene anabadwa mu 1623 namwalira mu 1662. Buku lake lofotokoza za madzi odekha linasindikizidwa mu 1663, iye atamwalira kale. Koma simusowa buku kuti mulione lamuloli. Ndowa ya madzi ndi yokwanira.

Yesani nokha

Tengani thumba la pulasitiki losabooka, mulowetsemo dzanja, kenaka mulimize dzanjalo m'ndowa yodzaza madzi, kukamwa kwa thumba kukhale kunja. Mudzamva thumba likukakamira dzanja ponseponse: pachikhatho, kuseri kwa dzanja, ngakhale pakati pa zala. Tembenuzani chikhatho chiyang'ane kumwamba, kenaka pansi, kenaka m'mbali, osalikweza kapena kulitsitsa dzanjalo. Kufinya kwake sikusintha. Kumasintha pokhapokha mukalitsitsa dzanja mozama, pamenepo kufinyako kumakula.

Kachiwiri, boolani pansi pa botolo la pulasitiki lopanda kanthu ndi msomali, chotsani chivindikiro, mulikankhire m'madzi choimirira. Kamtsinje ka madzi kadzatumphukira m'mwamba m'kati mwa botolo. Palibe munthu akuwapopa madziwo. Akukankhidwa ndi madzi anzake ozungulira.

Chifukwa chake n'chiyani?

Kuti timvetse, tiyerekeze madzi ndi zinthu zina zimene timazidziwa. Njerwa mukaisanjika pa inzake, imatsamira pansi basi, ndipo siikankha chipupa chimene ili pafupi nacho. Chimanga chotonola mukachithira pamphasa chimapanga mulu, chifukwa njere zake zimakolana ndi kugwirana. Nsima nayo imakhala m'mbale monga mwaiumbira. Koma palibe munthu anaunjikapo mulu wa madzi. Madzi alibe kulimba kokana kuphwatalala. Tizigawo take tating'onoting'ono timatererana momasuka, kotero kuti mukawakankha mbali imodzi kuposa inzake, ngakhale pang'ono chabe, amayenda.

Tsopano ganizirani kadontho kamodzi ka madzi kamene kali pakati pa thanki, kozunguliridwa ndi madzi ena. Madzi a pamwamba pake akukapsinja ndi kulemera kwawo. Kakanakhala kamwala, kakanangopirira osasintha maonekedwe. Koma poti ndi madzi, kamafuna kuphwatalala ndi kuthawira m'mbali. Pothawira m'mbalimo kamakankha madzi oyandikana nako, ndipo iwo amakabwezera. Ngati kubwezera kwa m'mbali kuli kochepa kuposa kupsinja kwa pamwamba, kadonthoko kamaphwatalala ndithu, ndiye kuti madzi akuyenda. Ngati kwa m'mbali kwaposa, kamafinyikira m'mwamba, madzi akuyendanso. Madzi amadekha pokhapokha kukankha konseku kwalingana.

Choncho mawu akuti madzi odekha ndi mawu akuti madzi okankha mofanana kumbali zonse akunena chinthu chimodzi. Mukaona madzi ali zii m'thanki, dziwani kuti pa kadontho kalikonse kulimbanako kunatha kale, ndipo palibe mbali imene yapambana.

Nanga kulemera kwa kadonthoko?

Wowerenga watcheru afunsa kuti: kadonthoko nako kali ndi kulemera, ndiye kukankha kwa pansi pake sikuyenera kuposa kwa pamwamba? Funsoli n'loona, ndipo tiliyankhe ndi manambala. Kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi.

Tiyerekeze kabokosi ka madzi ka sentimita imodzi mbali zonse, kocheperapo kuposa nsonga ya chala, kamene pamwamba pake pali madzi akuya mita imodzi. Madzi amene aimirira pamwamba pa kabokosiko, kufika pamwamba pa thanki, amalemera magalamu 100. Ndiye denga lake likupsinjidwa ndi magalamu 100. Madzi a m'kabokosimo amalemera galamu imodzi, choncho pansi pake payenera kukankhidwa chokweza ndi magalamu 101 kuti kasamire. M'mbali mwake monse munayi, kukankha kuli pakati pa ziwirizi, magalamu 100 ndi theka.

Kusiyana kulipo, koma ndi gawo limodzi pa magawo 100, ndipo kwabwera chifukwa pansi pa kabokosi ndi pozama ndi sentimita imodzi kuposa denga lake. Mukakachepetsa kabokosiko kakhumi, kusiyanako kumatsala gawo limodzi pa magawo 1,000. Mukapitiriza kukachepetsa mpaka kakhale ngati nsonga ya singano, kusiyana kumatheratu. N'chifukwa chake lamulo limanena za malo amodzi.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Lamulo silikunena kuti madzi amakankha mofanana m'thanki monse. Pozama amakankha kwambiri kuposa posaya. Likunena kuti mukasankha malo amodzi, kukankha kwa pamalopo sikudalira kumene mwayang'anitsa chikhatho chanu.

Tiwerengere thanki yeniyeni

Tengani malo aakulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, masentimita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Pa kuya kwa mita imodzi, madzi oimirira pamwamba pa malo oterewa ndi malita 10, ndiko kuti makilo 10. Mwa lamulo lathu, chigamba cha ukulu umenewu chimakankhidwa ndi makilo 10, kaya chili pansi pa thanki, kaya chili pachipupa, kaya chili kunsi kwa bwato kuyang'ana pansi. Pa kuya kwa mamita 2 ndi makilo 20, ngati ndowa yodzaza ya malita 20 itatsamira pa chikhatho chimodzi.

Tsopano tione chipupa chonse. Tidule m'maganizo chigawo cha chipupa cha mita imodzi m'lifupi, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ngati madzi ndi akuya mita imodzi, pamwamba penipeni sakankha konse, pansi amakankha makilo 10 pa chikhatho chilichonse, ndipo tikagawa pakati timapeza makilo 5. M'chigawocho mumalowa zikhatho 100. Zonse pamodzi ndi makilo 500, ofanana ndi matumba 10 a chimanga a makilo 50, onse akukankhira chipupa kunja.

Kwezani chipupacho kuti madzi afike mamita 2. Zikhatho tsopano ndi 200, ndipo chilichonse tikagawa pakati chikulandira makilo 10. Zonse pamodzi ndi makilo 2,000, matumba 40. Kuya kwawonjezeka kawiri, koma kukankha kwawonjezeka kanayi. Munthu amene thanki yake ya mita imodzi yakhala zaka osavuta, akangosanjikapo njerwa zina kuti isunge madzi ambiri, osalimbitsa kumunsi, akusenzetsa chipupa chakale katundu amene sichinamangidwire. Katundu wochuluka amagwera chigawo cha kumunsi, ndipo n'chifukwa chake chipupa cha thanki kapena cha damu chimayenera kukhala chochindikala pansi kuposa pamwamba.

Onaninso kuti m'kuwerengera konseku sitinafunse kuti thanki ndi yotambalala bwanji. Kadziwe kakang'ono ndi nyanja yaikulu, ngati kuya kwake pachipupa n'kofanana, zimakankha mita iliyonse ya chipupa mofanana. Damu la Cahora Bassa pa mtsinje wa Zambezi, pafupi ndi Songo, limene linayamba kudzaza madzi mu 1974, lili ndi chipupa chotalika mamita 171. Pa kuya kwa mamita 100, malo a chikhatho chimodzi amakankhidwa cham'mbali ndi makilo 1,000. Chipupacho anachimanga chopindika ngati uta, msana wake kuyang'ana kumene kuli madzi, kuti kukankhako kuzikathera m'matanthwe a mbali ziwiri za chigwa.

Zimene tingaphunzirepo pakhomo

Poti madzi amakankhira chipupa kunja, chigamba cha mkati chimagwira bwino kuposa cha kunja. Cha mkati madzi amachipanikiza pachipupa, pamene cha kunja amachikankha kuti chichoke. Choncho pomata mng'alu, yambani mwachotsa madzi, mumate chamkati.

Poti madzi amakankhanso chokweza, thanki yokumbira pansi m'dambo ili pangozi ikakhala yopanda madzi nthawi ya dzinja. Madzi a m'nthaka amaikankha kuchokera kunsi ndi m'mbali, m'kati mulibe chobwezera, ndipo pansi pake pangathe kung'ambika kapena kutukumuka.

Zizindikiro za ngozi muzizifuna kumunsi: chinyontho chosauma m'munsi mwa chipupa, mng'alu umene ukukula, kapena chipupa chotuluka mimba. Pa damu la dothi, madzi otuluka kuseri kwa chipupa ali amatope akusonyeza kuti akukokolola dothi m'kati, ndipo muyenera kuchepetsa madzi msanga.

Pamene lamuloli limalekera

Lamuloli ndi la zinthu zoyenda ngati madzi, mafuta, palafini ndi mpweya, pamene zadekha. Mpweya wa m'tayala la njinga umalitsatira, n'chifukwa chake chubu chimafufuma mbali zonse ngakhale mukupopera pa malo amodzi. Koma chimanga cha m'nkhokwe, mchenga ndi dothi louma sizilitsatira. Zimakankha m'mbali ndithu, koma mocheperapo kuposa pansi, chifukwa njere zake zimagwirana. Dothi lomwelo likakhuta madzi a mvula, madzi a m'kati mwake amawonjezera kukankha kwawo, ndipo n'chifukwa chake makoma a zitsime ndi a zimbudzi amakonda kugumuka nthawi ya dzinja.

Madzi othamanga nawo ndi nkhani ina. Mukaima mu mtsinje wodzaza, madzi amakukankhani kwambiri kumbali imene akuchokera, chifukwa mwawatsekera njira. Manambala amene tawerengera pano ndi a madzi odekha a m'thanki, m'chitsime ndi m'damu. Musanakweze chipupa chilichonse chosunga madzi, yezani kuya kumene madzi adzafike, muwerengere matumba amene mita iliyonse ya chipupa idzasenze, kenaka mukambirane ndi mmisiri za kuchindikala kwa kumunsi.