Vidiyo yopingasa pa foni yoyima: kudula popanda kutaya munthu

Vidiyo yojambulidwa ndi kamera yaikulu, kapena ndi foni yogonekedwa cham'mbali, imatuluka yopingasa, m'lifupi mwake mukuposa msinkhu wake. Muyeso wake ndi 16:9, womwe uja wa wailesi yakanema. TikTok, Instagram Reels ndi YouTube Shorts zimafuna chithunzi choyima, cha 9:16, chodzaza foni monga momwe munthu amaigwirira m'manja. Ambiri akafuna kusamutsa vidiyo amangodina batani la 9:16, kukulitsa chithunzi mpaka chidzaze, n'kutumiza. Zotsatira zake timaziona: mawu akumveka, koma woyankhulayo palibe, pakuoneka phewa lake ndi khoma.

Vuto limayambira pa masamu ochepa, ndipo ndi bwino kuwadziwa musanakhudze pulogalamu iliyonse. Vidiyo yopingasa yomwe ambiri ali nayo imakhala ndi mapikiselo 1920 m'lifupi ndi 1080 mumsinkhu. Mapikiselo ndi timadontho tating'ono tomwe timapanga chithunzi. Mukasunga msinkhu wonse wa 1080 ndi kudulamo chigawo choyima cha 9:16, m'lifupi mumatsala mapikiselo pafupifupi 608 okha. Pa magawo atatu a chithunzi, awiri ndi kapitirira atayika. Choncho ganizani kuti mwagwira zenera lopapatiza, la mapikiselo 608, lomwe mungathe kulikankhira kumanzere kapena kumanja pamwamba pa chithunzi chachikulu chija. Ntchito yonse yagona pa kusankha pomwe zeneralo liime pa sekondi iliyonse, ndipo kuti musankhe, muyenera kudziwa kaye kuti panthawiyo nkhani ili pa ndani.

Tiyerekeze ndi vidiyo ya ukwati, nthawi ya perekaniperekani, ya masekondi 30, yojambulidwa ndi kamera yokhazikika pamalo amodzi. Woyendetsa mwambo waima kumanzere ndi maikolofoni, thupi lake lili cha pa pikiselo 400 kuwerenga kuchokera kumphepete. Akwati akhala kumanja, ndipo awiriwo pamodzi atenga malo oyambira pa 950 kufika pa 1650. Pakati pali tebulo la keke. Mukalola pulogalamu kudula pakati penipeni, zenera limagwera pa 656 mpaka 1264. Mupezamo keke yonse ndi mkwati wamwamuna, mkwatibwi wadulidwa, woyendetsa mwambo sakuonekamo n'komwe.

Musathamangire kudula. Onerani vidiyoyo kawiri, ndipo lembani papepala yemwe diso likumufuna panthawi iliyonse. Mu chitsanzo chathu, masekondi 12 oyambirira woyendetsa mwambo akuitana achibale a kuchikazi. Kuchokera pa 12 mpaka 18 azakhali akulowa chovina kuchokera kumanzere, ndalama zili m'manja, kulunjika pa lichero. Kuchokera pa 18 mpaka kumapeto akwati akuseka. Vidiyo inali imodzi, koma apa mwatuluka zigawo zitatu, ndipo chilichonse chikufuna kadulidwe kakekake. Mu CapCut, kapena pulogalamu ina iliyonse yokonzera mavidiyo, yambani mwaika muyeso wa ntchito yonse pa 9:16, kenako dulani vidiyoyo pa sekondi 12 ndi pa 18.

Chigawo choyamba n'chosavuta, chifukwa munthuyo sakusuntha. Kulitsani chithunzi mpaka chidzaze msinkhu wonse, ndi kuchikoka mpaka woyendetsa mwambo alowe m'zenera. Musamuike pakati ndendende. Iye wayang'ana kumanja, komwe kuli akwati, ndiye kutsogolo kwa nkhope yake kusiyidwe mpata woposa wa kumsana. Mphuno ikagunda mphepete mwa chithunzi, woonera amamva kupanikizika ngakhale sangathe kunena chifukwa chake. Zenera loyambira pa 150 likhoza. Amene amagwiritsa ntchito ffmpeg pa kompyuta angalembe motere:

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -t 12 -vf "crop=608:1080:150:0,scale=1080:1920,setsar=1" gawo1.mp4
```

Manambala anayi a `crop` akunena m'lifupi, msinkhu, poyambira kumanzere ndi poyambira pamwamba. Lachitatulo, 150, ndilo lokhalo lomwe mumalisintha mukafuna kusuntha zenera, ndipo silingapitirire 1312, apo ayi zenera lituluka kunja kwa chithunzi.

Pa azakhali ndi pomwe pali ntchito. Iwo akuyenda kuchokera pa 200 kufika cha pa 1000 m'masekondi asanu ndi limodzi, ndiye zenera loima malo amodzi liwataya. Mapulogalamu ambiri ali ndi chizindikiro chotchedwa Keyframe, chooneka ngati kadayamondi. Mukachiika pa sekondi ina, pulogalamu imasunga pomwe chithunzi chinali panthawiyo. Mukaika china patsogolo, chithunzi chili pena, iyo imayendetsa yokha pakati pa ziwirizo. Ikani choyamba pa sekondi 12, zenera lili kumphepete kwenikweni kumanzere, ndi chachiwiri pa 18, zenera likuyambira pa 800. Mukatero azakhali amakhala chakumanzere kwa zenera ulendo wonse, kutsogolo kwawo kuli mpata, ndipo pomwe akufika lichero limakhala litalowa kale m'chithunzi.

Apa pali chiyeso chomwe chimagwetsa anthu akhama. Wovina sayenda mofanana: amapita patsogolo, n'kubwerera pang'ono, n'kuzungulira. Wokonza amafuna kutsatira sitepe iliyonse, n'kuika tizizindikiro khumi kapena kuposa. Vidiyo yotero imachititsa chizungulire, chifukwa khoma, mipando ndi anthu onse akumbuyo amagwedezeka uku ndi uku. Lolani munthuyo aziyendayenda mkati mwa zenera. Musunthe zeneralo pokhapokha akafuna kutulukamo. Zizindikiro ziwiri kapena zitatu zimakwana. Ngati pulogalamu yanu ili ndi Ease In ndi Ease Out, zigwiritseni ntchito kuti zenera liyambe kuyenda pang'onopang'ono ndi kuimanso pang'onopang'ono, monga amachitira wojambula wodziwa kutembenuza kamera. Kumbukiraninso kuti kuyenda kulikonse kumaoneka kothamanga m'chithunzi chopapatiza: munthu yemwe amatenga masekondi atatu kudutsa chithunzi chopingasa amadutsa zenera loyima pa sekondi imodzi. Ngati munthuyo akuthamanga kwambiri, monga wosewera mpira, nthawi zambiri kudula n'kumupeza pomwe wafika kumaposa kumuthamangitsa ndi zenera.

Chomwechonso anthu awiri akamayankhulana atatalikirana. Musamakokere zenera kwa uyu, kenako kwa uyo, mobwerezabwereza. Dulani, chithunzi chilumphe kuchoka pa woyankhula kupita pa woyankha, ndipo nthawi zina khalani pa womvetsera, pakuti nkhope ya womvetsera imanena zambiri. Pamene onse awiri akufunika nthawi imodzi, agawireni sikirini: wina pamwamba, wina pansi, aliyense m'bokosi la 1080 ndi 960.

Tsopano akwati athu. Atenga mapikiselo 700, zenera ndi la 608. Palibe kukankha komwe kungawalowetse onse, ndipo kudula phewa la mkwatibwi pa vidiyo ya ukwati wake ndi mlandu. Njira yomwe ambiri amathawira ndi kuchepetsa chithunzi chonse chopingasa kuti chikhale pakati, pamwamba ndi pansi podzazidwa ndi chithunzi chomwecho chachimbuuzi. Palibe chotayika, inde, koma vidiyo yeniyeni imasanduka kalamba ka 1080 ndi 608, kosakwana gawo limodzi mwa atatu a sikirini, ndipo nkhope zimachepa moti kuseka kuja sikuonekanso. Ine ndimaiona ngati njira yomaliza, yoyenera kwaya yonse kapena chithunzi cha phiri ndi nyanja, pomwe kutambalala ndiyo nkhani.

Pali njira yapakati yomwe anthu amaiiwala. Simukakamizidwa kudzaza sikirini yonse. Dulani chigawo cha 864 ndi 1080, chomwe ndi muyeso wa 4:5, choyambira pa 868. Akwati onse alowa, ndipo mbali iliyonse yatsala ndi kampata ka mapikiselo 82. Mukachikulitsa kuti chifike 1080 m'lifupi, msinkhu wake umakhala 1350, n'kutsala 570 yomwe mungagawe pamwamba ndi pansi. Malo otsalawo si otayika: pamwamba mulembepo mayina a akwati kapena mawu omwe akuyankhulidwa, poti anthu ambiri amaonera foni itatsekedwa mawu.

Zolembazo zimatifikitsa pa chinthu chomwe pulogalamu yokonzera sikuonetsani. Vidiyo ikafika pa TikTok kapena pa Reels, pansi pake pamabwera dzina la mwini wake ndi mawu ofotokozera, ndipo kumanja chakumunsi kumandandalika mabatani okondera, oyankhira ndi otumizira. Malo enieni omwe zimenezi zimaphimba amasiyana pulogalamu ndi pulogalamu, koma lamulo lotetezeka ndi lakuti chofunika chilichonse chisakhale m'gawo lapansi, pafupifupi limodzi mwa magawo anayi, kapena kumphepete kwa kumanja. Mu chitsanzo chathu lichero lili pansi, ndiye likhoza kubisika pansi pa dzina lanu pomwe azakhali akuponya ndalama. Mukaona choncho, chigawo chimenecho chichepetseni pang'ono ndi kuchikweza m'mwamba. Maso a munthu akhale cha pa gawo limodzi mwa atatu kuchokera pamwamba. Ndipo ngati vidiyo yopingasayo inali kale ndi zolemba kapena chizindikiro cha wojambula pakona, funani fayilo yopanda zolembazo, chifukwa kudula kumasiya mawu oduka pakati.

Palinso nkhani ya kuwala bwino kwa chithunzi. Mapikiselo 608 aja amatambasulidwa kuti akwane 1080, kutanthauza kukulitsa pafupifupi ka 1.8. Pa foni zimapiririka ngati fayilo yoyambira inali yabwino, koma tsitsi, nsalu ya zingwezingwe ndi zilembo zimayamba kufewa, ndipo kunjenjemera kwa dzanja la wojambula kumakulanso chimodzimodzi. Mukawonjezera kukulitsa kuti nkhope iyandikire, mabokosimabokosi amatulukira m'malo amdima. Zimaipiratu ngati vidiyoyo munailandira pa WhatsApp mwa njira yanthawi zonse, chifukwa imakhala itafinyidwa kale. Pemphani wojambula akupatseni pa fulashi, kapena aitumize ngati Document. Vidiyo ya 4K, ya 3840 ndi 2160, ilibe vutoli: chigawo chake choyima chimakhala cha 1215 ndi 2160, choposa kale chomwe foni ikufuna, moti mungathe kuyandikira pang'ono popanda kutaya kanthu. N'chifukwa chake ojambula omwe amadziwa kuti vidiyo idzafunika m'maonekedwe onse awiri amajambula mu 4K, ataima chapatali pang'ono.

Potulutsa, sankhani 1080 ndi 1920, MP4, ndipo liwiro la zithunzi lisasinthe: ngati munajambula 25 pa sekondi, tulutsani 25, ngati 30, tulutsani 30, apo ayi kuyenda kwa zenera kuja kumaoneka kodukaduka. Kenako tsegulani fayiloyo pa foni. Ikaoneka kachithunzi kakang'ono kozunguliridwa ndi mdima mbali zonse zinayi, ndiye kuti ntchito inatsala pa 16:9 ndipo mizere yakuda yalowa m'fayilo momwemo. Bwererani mukasinthe muyeso. Ikadzaza bwino, ioneni mutatseka mawu, chala chili pa batani loimitsira. Imitsani paliponse mwachisawawa kanayi kapena kasanu, ndipo paliponse pomwe mwapeza khoma, theka la nkhope kapena dzanja lopanda mwini, lembani sekondiyo mukakonze zenera pamenepo.