Magetsi kapena chikole: chimene chimatchinjiriza Bitcoin ndi Ethereum kwa akuba

Kumayambiriro kwa Ogasiti 2020, anthu ogwiritsa ntchito ndalama ya pa intaneti yotchedwa Ethereum Classic anadzidzimuka kupeza kaundula wa ndalamayo atasintha. Masamba ake oposa 3,000 anali atafufutika, ena atalowa m'malo mwake. Akatswiri a kampani ya Bitquery atafufuza anati wakubayo anapita ndi ndalama zokwana pafupifupi madola 5.6 miliyoni a ku America, pomwe iye anangowonongapo madola osafika 200,000. Sanabe nambala yachinsinsi ya munthu aliyense, ndipo sanaphwanye lamulo lililonse la netiwekiyo. Anangokhala ndi makina amphamvu kuposa a anzake onse kwa maola angapo. Mwezi umenewo usanathe, chipongwe chomwechi chinachitikanso kawiri.

Kuti izi zimveke, pafunika kuyamba ndi kaundulayo. Ndalama ngati Bitcoin zilibe banki yosunga buku la amene ali ndi zingati. Bukulo lili pa makompyuta masauzande ambiri m'mayiko osiyanasiyana, ndipo limakula tsamba ndi tsamba. Tsamba lililonse limatchedwa buloko, ndipo limakhala ndi chidindo cha tsamba la m'mbuyo mwake, kotero masambawo amalumikizana kukhala unyolo. Funso lovuta ndi lakuti: ndani alembe tsamba lotsatira? Kuvota kwa kompyuta imodzi voti imodzi sikungathandize, chifukwa munthu mmodzi akhoza kudzipangira mayina abodza miliyoni usiku umodzi. Mwayi wolemba uyenera kumangiriridwa ku chinthu chodula, chosatheka kuchipanga mwachinyengo.

Satoshi Nakamoto, amene anayambitsa Bitcoin mu Januwale 2009, anasankha magetsi ndi makina. Njira yake ndi imene imatchedwa umboni wa ntchito, ndipo oigwira amatchedwa okumba. Wokumba amasonkhanitsa malipiro amene akudikira kulembedwa, n'kuwonjezerapo nambala ina yoyesera, kenako n'kuzipititsa mu masamu otchedwa SHA-256. Zotuluka zimakhala nambala yaitali imene palibe angailosere. Lamulo ndi lakuti nambalayo ikhale yaing'ono kuposa malire amene netiweki yaika. Ikapanda kutero, makina amasintha nambala yoyesera ija n'kuyambiranso, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Palibe chidule. Koma wina akapeza yankho, kompyuta wamba imatha kulitsimikiza m'kuphethira kwa diso.

Wopambana amalandira ndalama zatsopano pamodzi ndi timalipiro ta otumiza. Poyamba mphotoyo inali 50 BTC pa buloko; imadulidwa pakati pakatha mabuloko 210,000 alionse, ndipo kuyambira mu Epulo 2024 ndi 3.125 BTC. Makina akachuluka, netiweki imaumitsa masamuwo pakatha mabuloko 2016 alionse, pafupifupi masabata awiri, n'cholinga choti buloko izituluka pa mphindi 10 zilizonse. Pakakhala maunyolo awiri otsutsana, makompyuta onse amatsata umene wadya ntchito yambiri.

Lamulo lomalizali ndi limene wakuba wa Ethereum Classic anadyerapo. Anatumiza ndalama zake ku msika wosinthirapo ndalama za pa intaneti, anthu onse akuona. Nthawi yomweyo anali akukumba mobisa unyolo wake wina, momwe ndalama zomwezo sizinapite ku msikako koma ku thumba lake lina. Msika utakhutira kuti ndalama zalowa, iye anazisinthitsa n'kutulutsa phindu lake. Atatero anaulutsa unyolo wobisika uja. Popeza unali ndi ntchito yambiri kuposa wa anthu oona mtima, makompyuta onse anaulandira, ndipo malipiro opita ku msika aja anazimiririka ngati sanachitikepo. Chizindikiro cha kuba kotere n'chosabisika: mabuloko ambirimbiri amasinthika nthawi imodzi, pomwe masiku onse imasinthika imodzi kapena ziwiri basi. Koma chimaoneka ndalama zitapita kale.

Zinatheka chifukwa Ethereum Classic inali yaing'ono, ndipo inkakumbidwa ndi makina a mtundu womwewo wa Ethereum yaikulu. Mphamvu zoposa theka la netiwekiyo zinkapezeka pa lendi, pa intaneti pomwepo, kwa aliyense wolipira. Ku Bitcoin nkhani ndi ina. Kumeneko kumakumbidwa ndi makina opangidwira ntchito imodzi yokhayo, otchedwa ASIC, ndipo ambiri mwa makina otere padziko lapansi ali kale pa netiwekiyo. Wofuna kuposa theka angafunike mafakitale ndi magetsi a dziko lathunthu, ndipo akadzagwetsa mtengo wa Bitcoin, makina akewo adzasanduka zitsulo zopanda ntchito.

Chitetezo chimenechi chimalipiridwa tsiku ndi tsiku. Ofufuza a pa yunivesite ya Cambridge akhala akuyerekeza kuti Bitcoin imadya magetsi oposa materawati-awa 100 pa chaka, kuposa mayiko ambiri. N'chifukwa chake okumba amathamangira kulikonse kumene magetsi ndi otsika mtengo. Dziko la China litawaletsa mu 2021, ambiri anasamukira ku America ndi ku Kazakhstan. Ena afika mpaka ku Bondo, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, kumene kampani ya Gridless inaika makina ogwiritsa ntchito magetsi otsala a pa kasiteshoni ka madzi ka m'mudzimo.

Ethereum yaikulu inakumbidwa chimodzimodzi kwa zaka 7, mpaka pa 15 Sepitembala 2022, pamene inazimitsa kukumba n'kusamukira ku umboni wa chikole. Magetsi amene inkadya anatsika ndi maperesenti oposa 99.9 tsiku lomwelo.

M'njira yatsopanoyi mulibe mpikisano wa makina. Wofuna kulemba nawo kaundula amatsekera ndalama zosachepera 32 ETH mu netiweki ngati chikole, n'kukhala wotsimikizira. Kompyuta yaing'ono ya pakhomo ndi intaneti yosadukaduka zimakwanira. Nthawi imagawidwa m'tizigawo ta masekondi 12, ndipo pa kachigawo kalikonse mayere amagwera wotsimikizira mmodzi kuti apereke buloko. Wa chikole chambiri mayere amamugwera kawirikawiri. Gulu la anzake limaunika bulokoyo n'kusainira kuti ili bwino. Pakatha tizigawo 32, kutanthauza mphindi 6.4, wotsimikizira aliyense amakhala atavotapo kamodzi. Eni magawo awiri mwa atatu a chikole chonse akagwirizana maulendo awiri otsatizana, mabulokowo amakhala otsekedwa. Zimatenga mphindi pafupifupi 13 kapena kupitirira pang'ono.

Apa ndi pamene njira ziwirizi zimasiyana kwenikweni. Ku Bitcoin buloko sitsekedwa kotheratu. Chimangochitika n'chakuti mwayi woti isinthike umacheperachepera ena akamaunjikana pamwamba pake, n'chifukwa chake amalonda ambiri amadikira mabuloko 6, pafupifupi ola limodzi. Ndipo wokumba wachinyengo netiweki ilibe pomugwira. Makina ake ali m'nyumba yake. Akalephera amangotaya magetsi, mawa n'kuyesanso, monga zinachitikira katatu konse ku Ethereum Classic. Wotsimikizira wa Ethereum chuma chake chili m'manja mwa netiweki. Voti iliyonse imakhala ndi siginecha yake. Akasainira mabuloko awiri osiyana pa kachigawo kamodzi, kapena akaponya mavoti otsutsana, masiginecha awiriwo ndi umboni wokwanira, ndipo wotsimikizira wina aliyense akhoza kuupereka. Chilango chimagwa popanda woweruza: gawo la chikole limawotchedwa, ndipo wolakwayo amachotsedwa pakatha masiku pafupifupi 36.

Kukula kwa chilangocho kumadalira kuchuluka kwa amene alakwa nthawi yofanana, ndipo pamenepa opanga njirayi anaganiza mozama. Munthu mmodzi akalakwitsa yekha, amataya pang'ono. Mu Febuluwale 2021, pamene unyolo wa chikole unkayenda pambali pa wakale, otsimikizira 75 a kampani ya Staked analangidwa chifukwa makina awo anasainira kawiri mwangozi. Anachotsedwa, koma chikole chawo chambiri chinatsala. Koma ngati eni gawo limodzi mwa magawo atatu a chikole chonse alakwira limodzi, aliyense akhoza kutaya zonse. Ndipo kuti buloko yotsekedwa isinthike, masamu a mavoti amafuna kuti osachepera gawo limeneli asainire mbali zonse ziwiri. Wakuba wa mtundu wa 2020 uja, pano sangabwereke mphamvu kwa maola ochepa n'kuzibweza. Ayenera kuika chuma cha mabiliyoni pamoto akudziwa kuti chipsa.

Kungozimitsa kompyuta si mlandu waukulu. Munthu amangodulidwa ndalama zochepa zofanana ndi zimene akanapeza. Koma ambiri akasowa nthawi imodzi, mavoti safika magawo awiri mwa atatu ndipo kutseka kumaima. Zinachitika pa 11 ndi 12 Meyi 2023, pamene mapulogalamu ena a otsimikizira analemedwa. Mabuloko ankatulukabe, koma ulendo wachiwiri panadutsa pafupifupi ola limodzi popanda kutsekedwa. Zikatero netiweki imayamba kudya pang'onopang'ono chikole cha osowawo, mpaka otsala akwanitsenso magawo awiri aja.

Otsutsa njira ya chikole ali ndi mfundo zosafunika kuzinyoza. Ntchito ya makina siinamizika: kompyuta yatsopano ikaona maunyolo awiri a Bitcoin imawerenga yokha umene ndi wolemera, osafunsa munthu. Siginecha ilibe mtengo wotero. Anthu amene anatulutsa kale chikole chawo akhoza kugwiritsa ntchito makiyi awo akale kupeka mbiri yabodza, ndipo palibenso chowalanda. N'chifukwa chake kompyuta yatsopano ya Ethereum, kapena imene yakhalitsa yozimitsa, imayambira pa buloko yaposachedwa yochokera ku gwero lodalirika. Ndi kudalira kochepa, koma kulipo, ndipo amene amati njira ziwirizi n'zofanana m'zonse kupatula magetsi amabisa zimenezi.

Vuto limene likudetsa nkhawa mbali zonse ndi kuunjikana kwa mphamvu. Okumba samakumba payekhapayekha. Amalowa m'magulu ogawana mphoto. Mu 2014 gulu la GHash.io linafika pa theka la mphamvu zonse za Bitcoin, ndipo m'zaka zaposachedwa magulu awiri okha, Foundry USA ndi AntPool, akhala akutulutsa pafupifupi theka la mabuloko. Ku Ethereum, anthu osakwanitsa 32 ETH amapereka ndalama zawo kwa ena kuti aziwaikira chikole, ndipo mu 2023 bungwe la Lido linayandikira gawo limodzi mwa magawo atatu a chikole chonse, malire omwe aja amene angaimitse kutseka kwa mabuloko. Wokumba akakhumudwa ndi gulu lake amalozetsa makina ake ku gulu lina m'mphindi zochepa, ndipo ambiri anaterodi pothawa GHash.io. Wotsimikizira wofuna kutuluka amaima pa mzere, chifukwa netiweki imalola ochepa okha kutuluka pa nthawi imodzi, ndipo ofuna kutuluka akachuluka mzerewo umatenga masabata.