Tebulo lachitsulo limayamba ndi timizere ta pa kompyuta

Mmisiri wowotcherera akafupikitsa chitsulo podula, palibe chobweza. Paipi yamakona anayi imagulidwa yathunthu, kawirikawiri yotalika mamita 6, ndipo mamilimita ochepa okha akasokonekera, ndalama zalowa m'madzi. N'chifukwa chake okonza mafelemu ambiri masiku ano amayamba "kudula" pa kompyuta, mu mapulogalamu a CAD. Mu SolidWorks gawo la ntchitoyi limatchedwa Weldments, mu Autodesk Inventor ndi Frame Generator.

Titenge tebulo logwirirapo ntchito la mamilimita 1200 m'litali, 600 m'lifupi ndi 900 kuchoka pansi, lopangidwa ndi paipi ya 40 x 40 yochindikala mamilimita 2. Wojambula sayamba ndi zitsulo. Amayamba ndi mafupa okhaokha: timizere tinayi ta pamwamba ndi tinayi ta miyendo. Kenako amatsegula Structural Member, n'kusankha mtundu wa chitsulo, kutanthauza mmene chimaonekera kumaso kwake chikadulidwa mopingasa. Pulogalamu imaveka kamzere kalikonse chitsulocho.

Msampha woyamba uli pomwepa. Pa paipi yotere, pulogalamu imakonda kudutsitsa mzere pakatikati pa chitsulo. Mbali iliyonse imatuluka ndi mamilimita 20, ndipo tebulo limene kasitomala anafuna la 1200 ndi 600 limakhala la 1240 ndi 640. Pa kompyuta limaoneka bwinobwino, vuto limadziwika thabwa la pamwamba likachepa. Batani la Locate Profile limasuntha chitsulo kuti mzere ukhale m'mphepete mwake mwa kunja.

Pa makona ndi pamene pamafunika kuganiza. Zitsulo ziwiri sizingakhale malo amodzi, choncho chimodzi, kapena zonse ziwiri, ziyenera kudulidwa. End Miter imadula zonse mopendekera pa madigiri 45, n'kukumana ngati felemu ya chithunzi. Kona yotere imatsekeka yokha ndipo imaoneka bwino, koma imafuna sowo yolondola. Ikaphonya digiri imodzi, pamatsala mpata wofunika kuudzaza ndi moto. End Butt imadula mowongoka, chitsulo china n'kugunda m'mbali mwa chinzake. Zazitali zimakhalabe 1200, koma zazifupi zimatsika kufika 520, chifukwa mbali iliyonse yadya 40. Kudula kwake n'kosavuta ngakhale ndi galayindala, kungoti kukamwa kwa paipi kumatsala kotsegula, madzi amalowa, dzimbiri n'kuyambira m'kati. Pamafunika kachivindikiro, kamene pulogalamu imakatcha End Cap. Kwa amene ali ndi galayindala yokha, njira yachiwiriyi ndi yanzeru.

Miyendo nayo imadulidwa ndi Trim/Extend kuti ithere kunsi kwa felemu, ndipo imakhala 860, osati 900.

Zonsezi zimakathera mu Cut list, mndandanda wa zidutswa umene pulogalamu imalemba yokha, zofanana n'kuziika pamodzi. Pa makona opendekera umasonyeza ziwiri za 1200 ndi ziwiri za 600, zonse madigiri 45 kumapeto konse, komanso zinayi za 860 zowongoka. Kuphatikiza zonse ndi mamilimita 7040. Wodula ayenera kudziwa kuti 1200 ija ndi kuchokera nsonga yaitali kufika nsonga yaitali. M'kati mwake chidutswacho ndi 1120. Akayezera m'kati, felemu imakula ndi mamilimita 80. Mapendekedwe awiriwo ayeneranso kuyang'anana, chifukwa akaloza mbali imodzi chidutswacho sichilowa. Ndi bwino kuti pepala lopita kwa wodula likhale ndi chithunzi cha chidutswa chilichonse, osati manambala okha.

Chimene mndandandawu sunena pawokha ndi kagawidwe ka zidutswa pa paipi yogula. Sowo imadya mamilimita pafupifupi 3 nthawi iliyonse ikadutsa. Zazitali ziwiri ndi miyendo inayi ndi 5840, ndipo ndi zimene sowo yadya zimafika 5858, kukwana pa paipi imodzi ya mamita 6. Zazifupi zimafuna paipi yachiwiri, imene yambiri imatsala. Komabe matebulo atatu amangofuna mapaipi anayi, osati asanu ndi limodzi, popeza zazifupi zonse zimachoka pa paipi imodzi. Wogula azinyamula tepi popita ku hadiweya, chifukwa mapaipi ena amakhala a mamita 5.8, ndipo pa otero kagawidwe aka sikatheka.

Moto nawo uli ndi khalidwe limene chojambula sichionetsa: chitsulo chikamazizira chimakoka, ndipo kona imapindika. Mmisiri amayamba wagwiritsa makona onse ndi timadontho ta moto, kenako amayeza mopingasa kuchokera kona ina kufika ina. Pa tebulo ili mbali zonse ziwiri ziyenera kukhala pafupifupi 1342. Zikasiyana, amawongola felemu ndi hamala asanawotcherere zenizeni, ndipo powotcherera amasinthasintha makona kuti kutentha kusachuluke mbali imodzi.