Madzi a Pamjigo: Ofiira Amasautsa, koma Oyera Angathe Kuwononga Mano

Unduna woona za madzi ukudziwitsa anthu a mumzinda wa Blantyre, ku Limbe ndi m'madera monga Bangwe, Machinjiri, Chirimba ndi Chigumula, amene amamwa madzi a pamjigo, kuti maonekedwe a madzi sakwanira kudziwitsa munthu ngati madziwo ndi abwino. Pansi pa nthaka madzi amasungunula michere ya m'miyala, ndipo iwiri mwa michereyi, ayironi ndi fuloraidi, imavutitsa mosiyana kwambiri.

Ayironi sabisala. Akapitirira mamiligalamu 0.3 pa lita imodzi, madzi amayamba kumveka dzimbiri m'kamwa, amathimbiritsa zovala zoyera ndipo amadetsa tiyi. Ogulitsa tiyi, thobwa ndi zakudya ndiwo amayamba kudandaula. Pa mlingo umene umapezeka m'mijigo yambiri, ayironi sawononga mano kapena mafupa. Kuopsa kwake n'kwakuti anthu amanyansidwa ndi madziwo, n'kubwerera kukatunga m'zitsime zosatetezedwa ndi m'mitsinje monga Mudi ndi Naperi, kumene angatenge kolera.

N'zotheka kudziwa kumene ayironiyo akuchokera. Madzi oyamba kupopedwa m'mawa akatuluka ofiira, kenako n'kuyera pakadutsa ndowa zingapo, kawirikawiri vuto ndi mapaipi kapena ndodo za mjigo zimene zachita dzimbiri, ndipo mankhwala ake ndi kuikapo mapaipi apulasitiki ndi ndodo zosachita dzimbiri. Koma madzi akatuluka oyera, n'kufiira okha atakhalitsa m'ndowa, ayironiyo akuchokera m'miyala. Madzi otere akhuthulidwe kangapo kuchoka m'ndowa ina kupita m'ndowa ina kuti alowe mpweya, asiyidwe usiku wonse, ndipo m'mawa atsanulidwe bwino kusiya zinyenyeswa pansi.

Fuloraidi ndiye wobisala, chifukwa alibe mtundu, fungo kapena kakomedwe. Akakhala wochepa amalimbitsa mano, n'chifukwa chake amaikidwa m'mankhwala otsukira mano. Koma bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita imodzi. Akapitirira, amasokoneza mano amene akupangika m'nkhama, kuyambira mwana ali khanda kufikira zaka pafupifupi 8. Manowo amatuluka ndi timadontho toyera ngati choko, pambuyo pake amasanduka achikasu kapena akhofi, ndipo ena amakumbika. Mswachi sungachotse zimenezi, pakuti chilemacho chili m'kati mwa dzino. Munthu akamwa kwa zaka zambiri madzi a fuloraidi wochuluka kwambiri, mchereyu amaunjikana m'mafupa, mfundo ndi msana zimauma ndi kuwawa, mpaka ena amapindika.

Kafukufuku anapeza fuloraidi wochuluka m'mijigo ina ya ku Nathenje m'boma la Lilongwe, ku Liwonde, ndi m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Ngakhale m'dera limodzi, mijigo iwiri yoyandikana imatha kusiyana chifukwa cha kuya kwake ndi miyala imene yabooledwa. Choncho zotsatira za mjigo wa mnansi sizingaimire mjigo wina.

Nachi chitsanzo. Banja layezetsa madzi a mjigo wake ndipo apezeka ndi mamiligalamu 3 pa lita, kuwirikiza kawiri mlingo wa WHO. Kuwiritsa madziwo kumapha tizilombo, koma fuloraidi sachoka ndi nthunzi. Malita 10 akawira n'kutsala 9, mlingo umakwera kufika pafupifupi 3.3. Kolorini nayenso sachotsa fuloraidi, ngakhalenso kusefa ndi nsalu. Chimene chimathandiza ndi kusakaniza: ndowa imodzi ya madzi a mjigowo ikaphatikizidwa ndi ndowa ziwiri za madzi a mvula, amene amakhala pafupifupi opanda fuloraidi, mlingo umatsika kufika pa miligalamu imodzi pa lita. Madzi osakanizawo athiridwebe kolorini asanamwedwe. Njira ina ndi kusiya madzi a mjigowo kuti akhale ochapira ndi osamba, ndipo akumwa ndi ophikira, makamaka phala la ana, azichokera kumpopi wa Blantyre Water Board, umene madzi ake ambiri amachokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry.

Unduna ukukumbutsa anthu kuti malinga ndi lamulo la zamadzi la 2013, woboola mjigo ayenera kuyamba wapeza chilolezo ku bungwe la National Water Resources Authority. Mjigo watsopano uyezedwe madzi ake kulabotale anthu asanayambe kumwa, ndipo woyezetsa atchule fuloraidi ndi ayironi, chifukwa kuyeza tizilombo kokha sikuonetsa michereyi. Ana angapo omwa pamjigo umodzi akaoneka ndi mano othimbirira mofanana, komiti ya mjigowo idziwitse msanga ofesi ya zamadzi ya boma la Blantyre, kuti madzi ayezedwe mano a makanda asanawonongeke.